NDALAMA ZIGONE KUTI?

Mlimi akakolola, saika zokolola zonse pamodzi. Ufa wa mlungu uno ukhala m'dengu m'nyumba, pamene mai angaufikire msanga. Cimanga ca caka conse cikhala m'nkhokwe. Koma mbeu ya caka ca mawa aisunga mosiyana, pena aitsekera m'mtsuko namata pakamwa pace ndi dothi, kuti ngakhale mwini wace asaitapule pa tsiku la njala. Palibe munthu wanzeru amene afunsa kuti, "Kodi cabwino nciti, dengu kapena nkhokwe?" Pakuti ciri conse ciri ndi nchito yace.

Ndalama nazonso ziri ndi malo ace ogona. M'dziko lathu la Zambia anthu ambiri azisunga m'malo anai: m'akaunti ya ku banki, m'foni, m'gulu la anthu osunga pamodzi, ndi m'cisungo cotsekera ca ku banki cimene acicha fikisidi dipoziti. Pa malo ali onse tiyenera kufunsa mafunso awiri. Loyamba ndi ili: kodi ndani angathe kundilanda ndalama zanga pano? Laciwiri: ndikazifuna, nditenga nthawi yotani kuti ndizigwire m'manja? Mudzaona kuti mafunso awiriwa akokana ngati ng'ombe ziwiri zosazolowerana pa goli. Khomo limene litseguka msanga kwa mwini ndalama, kawirikawiri litsegukanso msanga kwa wakuba.

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze mlimi wina wa kufupi ndi Katete, amene wagulitsa nsawawa ndi soya m'mwezi wa Julayi, nalandira K12,000. Ndalama zimenezi ndizo za banja lace kufikira zokolola zina. Mitengo yonse ya m'nkhani ino ndi yoyerekeza cabe, kuti tiphunzirepo kuwerengera.

M'foni

Pa msika uli wonse masiku ano pali tinyumba tating'ono topakidwa utoto wofiira, wacikasu kapena wobiriwira. M'menemo mukhala anthu ochedwa maejenti, ogwira nchito ya ndalama za pa foni za makampani monga Airtel, MTN ndi Zamtel. Mlimi wathu akapatsa ejenti K1,500, ejenti atumiza ciwerengero comweco ku nambala ya foni ya mlimiyo, ndipo pafika uthenga wonena ndalama zimene ali nazo tsopano.

Ana ambiri aganiza kuti ndalamazo zalowa m'kati mwa foni. Si tero ai. Cimene ciri pa nambala ya mlimi ndi cilembo cabe, cosungidwa m'makina a kampani. Lamulo likakamiza kampaniyo kusunga ndalama zenizeni za anthu m'mabanki, m'akaunti yapadera, ndipo Banki Yaikuru ya dziko, Bank of Zambia, iyang'anira nchito imeneyi. Cifukwa cace foni ikagwa m'citsime, ndalama sizimira nayo. Mwini wace apita ku ofesi ya kampani ndi citupa cace ca boma, ampatsa simu kadi yatsopano ya nambala yomweyo, napeza ndalama zace ziri cikhalire. Koma zimenezi zitheka ngati nambalayo inalembedwa m'dzina lace. Anthu ena agwiritsa nchito simu kadi yolembedwa m'dzina la mlamu wao kapena la mnzao. Pamaso pa kampani, mwini ndalama ndiye amene dzina lace linalembedwa.

Pa malo onse anai, ndalama za m'foni ndizo ziri pafupi koposa. Usiku pakati mlimi angathe kutumiza ndalama kwa mwana wace ku Lusaka, ndipo zifika asanaike foni pansi. Zobvuta zace ndi zazing'ono koma zidziwike. Netiweki nthawi zina ithawa. Ejenti wa kumudzi nthawi zina alibe ndalama zokwanira m'kabati mwace, makamaka pa nthawi yogulitsa zokolola pamene anthu onse afuna kuturutsa tsiku limodzi. Ndiponso poturutsa ndi potumiza kampani idulako malipiro, ndipo kuyambira mu 2024 boma litengako msonkho waung'ono pa ndalama zotumizirana. Munthu woturutsa pang'ono pang'ono masiku onse alipira zambiri kuposa woturutsa kamodzi.

Nanga wakuba wa ndalama za m'foni abwera bwanji? Iye saboola cipupa. Abwera ndi mau okoma. Cotsekera ca ndalamazi ndi nambala ya cinsinsi, imene aicha pini, ndipo nchito yonse ya wakubayo ndiyo kunyengerera mwini kuti aulule piniyo, kapena kuti atumize yekha ndalama. Tsiku lina foni ilira, munthu wa mau aulemu anena kuti, "Ndine wa ku kampani. Nambala yanu itsekedwa lero ngati simundiuza pini yanu." Tsiku lina pafika uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti mwalandira K800, ndipo posacedwa munthu aimba alikulira, nati, "Pepani atate, ndalakwitsa nambala, ndibwezereni ndalama za maliro." Mlimi wacifundo atumiza K800 yaceyace, osadziwa kuti panalibe ndalama imene inalowa.

Kuzindikira bodza lotere si kobvuta. Kampani sifunsa munthu pini yace, ngakhale ejenti sayenera kuidziwa. Uthenga woona ucokera ku dzina la kampani, koma wonama ucokera ku nambala wamba ya munthu. Ndipo asanabweze kanthu, mwini foni ayang'ane yekha ciwerengero ca ndalama zace kuti aone ngati zaonjezekadi. Inu ana a sukulu, amene makolo ndi agogo akupemphani kuwawerengera mauthenga, ndinu alonda pa khomo limeneli. Wotumiza ndalama kwa wonyenga ndi dzanja lace, kawirikawiri sazionanso, pakuti wonyengayo aziturutsa nthawi yomweyo.

Palinso wakuba wina amene sitimuopa, ndiye mwini wace. Ndalama zimene ziri m'thumba usana ndi usiku zimva pempho liri lonse. Lero mbale apempha K50, mawa K30 ya mayunitsi, mkuca mnyamata ayesa mwai pa masewera a mpira. Mwezi usanathe K1,500 yasungunuka ngati mcere m'madzi. Ndico cifukwa cace mlimi wathu aika m'foni K1,500 yokha, ya matenda ndi zosowa za masiku ano.

Ku banki

Kuti atsegule akaunti, mlimi apita ku banki ndi citupa cace ca boma ndi zina zimene bankiyo ifuna, monga nambala ya msonkho. Ampatsa kadi yoturutsira ndalama pa makina, nayonso iri ndi pini yace. Moto, ciswe, makoswe ndi mbala za usiku sizifika kumeneko. Ndalama iri yonse yolowa ndi yoturuka ilembedwa, ndipo mwini akamwalira, a m'banja lace angathe kuzilandira motsata malamulo a cuma ca masiye.

Kodi banki siingagwe? Ingagwe ndithu, ndipo m'dziko lathu zinacitikapo. Banki yaikuru yochedwa Meridien BIAO inagwa mu 1995, ndipo anthu ambiri anasauka mtima. Mu 2016 Bank of Zambia inatseka zitseko za banki ya Intermarket, ndipo osunga ndalama kumeneko anadikira nthawi yaitali asanayambe kuzilandira. Cifukwa cace n'cakuti banki siunjika ndalama zathu m'cipinda. Izikongoza kwa anthu ena, ndipo ngongole zikapanda kubwezedwa, banki ifooka. Koma zotere zicitika kamodzikamodzi, pakapita zaka. Banki yololedwa iri ndi woiyang'anira, ayenera kuonetsa mabuku ace, ndipo ikadwala pali amene alowererapo. Cimene munthu ayenera kucenjera naco kwambiri ndico kabungwe kongophuka, kolonjeza kubereketsa ndalama kawiri pa mwezi umodzi, kopanda cilolezo ca Bank of Zambia. Kotere si banki konse, ngakhale katabvala dzina lokongola.

Bvuto la banki kwa munthu wa kumudzi ndilo mtunda. Tinene kuti ulendo wa ku tauni ndi K80 kupita, K80 kubwera. Mlimi akapita kukaturutsa K500, wataya K160 pa njira, ndi tsiku lathunthu la nchito. Banki itsekanso pa Sabata ndi pa masiku a cikondwerero. Masiku ano mtundawu wafupikako, pakuti mabanki ambiri ali ndi maejenti ao m'masitolo, ndipo alola munthu kusamutsa ndalama kucokera m'akaunti kupita m'foni ali khale pakhomo pace. Nzabwino zimenezo. Koma taonani, khomo la banki likalumikizidwa ndi foni, wonyenga uja wa mau aulemu wayandikiranso ku nkhokwe.

Cina coti afunse asanatsegule akaunti ndi ici: "Kodi mudula zingati pa mwezi?" Maakaunti ena ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ena alibe. Ngati adula K30 pa mwezi, pa caka ndi K360. Kwa wosunga K50,000 imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma wosunga K400 adzapeza K40 yokha caka cikatha. Mlimi wathu asankha akaunti yosungira, ya malipiro ocepa, naikamo K3,500 ya mabuku ndi yunifolomu za ana, ndi ya aganyu opalira m'munda.

Cisungo cotsekera

Fikisidi dipoziti ndi pangano pakati pa munthu ndi banki. Munthu anena kuti, "Tengani ndalama izi, sindidzazifuna kufikira tsiku lakuti." Nthawiyo ingakhale mwezi umodzi, miyezi itatu, isanu ndi umodzi, kapena caka. Banki, podziwa kuti ndalamazo sizidzafunidwa mwadzidzidzi, ilipira ciongoladzanja coposa ca akaunti wamba. Ciwerengero cace cilembedwa pa tsiku la pangano, ndipo sicisintha kufikira tsiku lomaliza. Banki iri yonse iri ndi ndalama zocepetsetsa zimene ilola kutsekera motere.

Pano pali msampha wa masamu umene ukola ngakhale akuru. Banki ichula ciongoladzanja ca caka cathunthu, ngakhale pangano liri la miyezi itatu. Mlimi wathu atsekera K4,000 ya feteleza kwa miyezi itatu, pa 8 pa 100 iri yonse pa caka. Pa caka conse akadalandira K320. Koma miyezi itatu ndi gawo limodzi la magawo anai a caka, cotero alandira K80 yokha. Atsekeranso K3,000 ya malata a nyumba kwa caka cathunthu pa 12 pa 100, ndipo imeneyi idzabala K360.

Wina adzaseka nati, "K80! Siikwana ngakhale ulendo wa ku tauni ndi kubwera." Zoona. Koma mlimi sanatsekere ndalama ya feteleza cifukwa ca K80 ai. Waitsekera cifukwa ca miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, miyezi ya maukwati, ya mowa ndi ya alendo, pamene ndalama za zokolola zithera m'njira zosadziwika. Mbale akabwera kudzapempha, mlimi anena zoona poyankha kuti, "Ndalama ziri ku banki, sizituruka kufikira Okutobala." Ine ndiyesa kuti phindu lalikuru la cisungo cimeneci ndilo mau amenewa. Ndipo pa tsiku lomasula, ulendo wa ku banki ndi wa kukagula feteleza ukhala umodzi.

Nanga tsoka likagwa nthawi isanakwane? Mabanki ambiri alola kuthyola pangano, koma mwini ataya ciongoladzanja, conse kapena gawo lace, pena alipiranso cilango, ndipo ndalama sizituruka pa ola lomwelo. Afunikanso kufunsa cimene cicitika pa tsiku lomaliza, pakuti mapangano ena, mwini akapanda kunena kanthu, banki iwayambanso okha kwa nthawi inanso yofanana. Mlimi amene aiwala zimenezi angapeze ndalama yace ya feteleza yatsekeredwanso kufikira Januwale, cimanga citafiira kale m'munda.

Pali mdani mmodzi amene loko wa banki samletsa, ndiye kukwera kwa mitengo ya zinthu. M'miyezi yambiri ya 2021 mitengo m'Zambia inali yokwera ndi zoposa 20 pa 100 poyerekeza ndi caka cam'mbuyo. M'caka cotere K3,000 ya mlimi idzakhala K3,360, koma malata amene anali K3,000 adzakhala K3,600. Ndalama zaculuka, koma malata ogulidwa nazo acepa. Komabe amene anakwirira K3,000 m'cibekete pansi pa bedi wataya koposa, pakuti yace ikali K3,000.

M'gulu

Tsopano tifike pa njira imene amai ambiri a m'midzi ndi m'makomboni aikonda koposa. Magulu osunga ndalama ali a mitundu iwiri, ndipo tisawasokoneze.

Mtundu wakale ndiwo cilimba. Anthu asanu agwirizana kusonkha K200 ali yense pa mwezi, ndipo K1,000 yonseyo ipita kwa mmodzi, mwezi wamawa kwa wina, kufikira onse atalandira. Palibe ciongoladzanja, palibenso bokosi. Woyamba kulandira ali ngati wokongola, womaliza ali ngati wokongoza. Womalizayo ndiye asenza ngozi yonse, pakuti amene adya kale angathe kufooka pa kusonkha.

Mtundu waciwiri ndiwo umene anthu aucha banki ya m'mudzi. Njira yace inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo inafalikira m'maiko ambiri a mu Afirika. Anthu odziwana, kawirikawiri 15 kufikira 25, asonkhana mlungu uli wonse kapena mwezi uli wonse. Asankha wa pa mpando, mlembi, msungi wa bokosi ndi owerenga ndalama. Bokosi lace ndi lacitsulo, la maloko atatu, ndipo makiyi akhala ndi anthu atatu osiyana, msungi wa bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Bokosi litsegulidwa pamaso pa onse, ndalama ziwerengedwa mokweza mau, ndipo zimene munthu wasunga zilembedwa m'kabuku kace. Pa msonkhano womwewo ofuna ngongole apempha, nabweza patapita mwezi umodzi kufikira itatu pamodzi ndi ciongoladzanja. Magulu ambiri salola munthu kukongola zoposa katatu pa zimene wasunga. Pakatha miyezi isanu ndi inai kapena caka, ngongole zonse zibwezedwa, bokosi likhuthulidwa, ndipo agawana.

Mkazi wa mlimi wathu ali m'gulu la anthu 20. Iye satapa pa K12,000 ija, koma asunga K50 mlungu uli wonse kucokera pa malonda ace a tomato. Tinene kuti onse asunga cimodzimodzi kwa milungu 40. Ali yense waika K2,000, ndipo gulu lonse laika K40,000. Ciongoladzanja ca ngongole ndi zilango za ocedwa ku msonkhano zabweretsa K10,000. Pa tsiku logawana pali K50,000, ndipo ali yense atenga K2,500. Phindu la K500 pa K2,000! Palibe banki imene ilipira cotero.

Koma tifunse kumene K10,000 imeneyo yacokera. Siinagwe kumwamba. Yacokera m'matumba a anthu 20 omwewo, amene anakongola K1,000 nabweza K1,100 mwezi utatha. Amene anakongola kukaoda tomato nagulitsa mwa phindu, zinamuyendera. Amene anakongola kugula citenje ndi ndiwo, analipira phindu la anzace. Ndiponso phindu limeneli si lolonjezedwa monga la ku banki. Akuru amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Tiyerekeze kuti anthu atatu anakongola K4,000 ali yense, mbeu zao zinapsa ndi cilala, nalephera kubweza. M'bokosi musowa K12,000, mutsala K38,000. Akati agawane onse mofanana, ali yense atenga K1,900, ndiye kuti wosunga mokhulupirika wataya K100 ya thukuta lace. Gulu lanzeru liyamba latenga zimene atatuwo anasunga, K6,000 pamodzi, kuti licepetse dzenje, koma K6,000 inayo iyenera kulondoledwa khomo ndi khomo. Cilala cikagwa cigwera mudzi wonse, cotero okongola ambiri alephera pa nthawi imodzi.

Kwa gulu kulibe Bank of Zambia yoyang'anira mabuku. Mlonda wace ndi maso a eni ace ndi manyazi a munthu pamaso pa anansi. Cifukwa cace zizindikiro za gulu lodwala zioneka msanga kwa amene apenya. Makiyi onse atatu akapezeka m'thumba la munthu mmodzi, gulu ladwala. Mlembi akayamba kunena kuti, "Buku ndaliiwala kunyumba," kapena ngongole zikamaperekedwa kuseri, msonkhano utatha, gulu ladwala. Liri pa ngozi gulu limene likakamiza munthu kukongola ngakhale alibe cocita nazo ndalamazo, ndi gulu limene lakula kufikira anthu osadziwana, ongotumiza ndalama ku foni ya munthu mmodzi amene sanamuonepo.

Za akuba a usiku, bokosi liri ndi nyengo yace. Pakati pa caka muli ndalama zocepa, pakuti zambiri ziri m'manja mwa okongola. Ngozi iri m'milungu yomaliza, pamene ngongole zonse zabwerera, ndipo mudzi wonse udziwa nyumba imene mwagona K50,000. Magulu ena pa nyengo imeneyi apititsa ndalama ku akaunti ya gulu ku banki, imene siituruka popanda anthu awiri kapena atatu kusaina.

Nanga kufikira ndalama zako? Pano gulu lidabwitsa. Bokosi liri pafupi, mwina nyumba yacitatu kucokera kwanu, koma ndalama zace ziri kutali kuposa za ku banki ya ku tauni. Sungathe kutenga zimene wasunga tsiku logawana lisanafike. Ungathe kukongola cabe, pa tsiku la msonkhano, ngati m'bokosi muli ndalama, ndipo udzalipira ciongoladzanja ngakhale zako ziri momwemo. Magulu ambiri ali ndi kathumba kapadera ka matenda ndi maliro, kamene onse asonkhamo pang'ono, koma kathumbako nkakang'ono.

Usiku wina wa mu Febuluwale

Tiyese tsono makonzedwe a banjali pa tsiku loipa. Ndi mwezi wa Febuluwale, mvula irikugwa, ndipo pakati pa usiku mwana watentha thupi nayamba kukomoka. Afunika galimoto yopita naye ku cipatala ca St Francis ku Katete, ndipo mwini galimoto afuna K600.

Ndalama za malata ziri zotsekeredwa kufikira Julayi. Bokosi la gulu silitseguka kufikira tsiku la msonkhano, ndipo osunga makiyi ali m'tulo m'nyumba zitatu. Banki iri ku tauni, yotseka. Cotsala ndi foni. Ngati mlimi anasunga mwambo wosalola ndalama za m'foni kutsika pansi pa K1,000, atumiza K600 ku nambala ya mwini galimoto, nanyamuka. M'mawa mwace, ali ku cipatala, asamutsa zina kucokera ku akaunti kuti agule cakudya ndi zina zofunika. Mwana akacira, amai apempha thandizo la kathumba ka matenda pa msonkhano wa gulu. Ndalama za malata sizinakhudzidwe.

Akadaika K12,000 yonse m'cisungo cotsekera cifukwa cokonda ciongoladzanja, usiku umenewo akadagogoda pa khomo la wokongoza kaloba, amene afuna K900 pa K600. Akadaika yonse m'foni, mwina pofika Febuluwale sipakadakhala kanthu, ndi feteleza yemwe sakadagulidwa. Cotero mlimiyu, asanasankhe malo, anayamba wagawa ndalama zace monga mwa tsiku limene adzazifuna: za usiku uno, za mwezi wamawa, za nyengo yobzala, ndi za caka ca mawa.

Mafunso

1. Foni ya agogo anu yabedwa, ndipo munali K700. Kodi ndalamazo zatayika? Fotokozani zimene ayenera kucita, ndi cimene cingawalepheretse.

2. Munthu atsekera K6,000 kwa miyezi isanu ndi umodzi pa 10 pa 100 pa caka. Adzalandira zingati zonse pamodzi?

3. Pa cilimba ca anthu asanu ndi mmodzi, osonkha K150 pa mwezi, awiri aleka kusonkha atalandira. Womaliza adzalandira zingati, kuwerengera ndi yace yomwe, ndipo wataya zingati?

4. Cifukwa ninji msungi wa bokosi la gulu sapatsidwa kiyi?

5. Funsani munthu wamkuru wa kwanu amene ali m'gulu losunga ndalama kuti gulu lao licita ciani ndi munthu wolephera kubweza ngongole. Lembani yankho lace m'makope anu.